Imelo ya pambuyo pa msonkhano isamveke ngati ulaliki

Funso: "Ndine mlembi wa komiti kuntchito kwathu. Msonkhano ukatha ndimatumiza imelo ya maminitsi, zomwe tagwirizana ndi amene atenga ntchitozo. Anzanga akuti imamveka ngati ndikuwalalikira. Ndikulakwitsa pati?"

Yankho: Imelo yanuyo sindinaione, koma ndikhoza kulumbira kuti muli "muyenera", "onetsetsani kuti" ndi "tikukumbutseni". Amenewa ndi mawu a munthu wolamula. Inu a mlembi ndinu mboni ya zimene anthu ananena ndi pakamwa pawo, choncho lembani ngati mboni: "tinagwirizana", "anavomera", "anadzipereka".

Tamvani ziganizo ziwiri izi. Choyamba: "Msungichuma ayenera kuonetsetsa kuti lipoti la ndalama lafika msanga." Chachiwiri: "Tinagwirizana kuti a msungichuma atumize lipoti la ndalama kwa a wapampando pofika Lachisanu pa 14." Chachiwirichi n'chothina kuposa choyamba, chifukwa chatchula wotumiza, wolandira ndi tsiku, komabe sichikalipira munthu. Chinsinsi chili mu "tinagwirizana". Tsinde lake ndi "gwira", ka "-an-" kakusonyeza kuti zinachitika pakati pathu, ndipo "ti-" wakuikani inuyo m'gulu momwemo. Udindo wonse wasenzedwa ndi ka "-e" ka kumapeto kwa "atumize". Mukaonjezapo "ayenera" ndiye kuti mwalamula munthu pa chinthu chomwe anavomera kale. Ndipo "a" waulemu uja musamusiye ngakhale mukutchula udindo osati dzina.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kumene alembi ambiri amathawira akaopa kulamula. Amalemba kuti "lipoti lidzatumizidwa", ena mpaka "zinagwirizanidwa", mawu amene sindinamvepo munthu wamkulu akuwalankhula. Lidzatumizidwa ndi yani? Aliyense awerenga, aganiza kuti ndi mnzake, ndipo pa msonkhano wotsatira mungoyang'anana. Kubisa mwinintchito si ulemu ayi. Ntchito iliyonse ikhale pa mzere wakewake, ndi munthu mmodzi. Ngati ali awiri, nenani wotsogolera: "A wachiwiri kwa wapampando atsogolera, athandizana ndi a msungichuma." Mukalemba kuti "tonse tichite", dziwani kuti palibe achite.

Masiku nawonso: "posachedwa" si tsiku, ndipo "mawa" amasintha tanthauzo imelo ikatsegulidwa mochedwa.

Maminitsi enieniwo afupike. Zoti uje anati chakuti, uje anatsutsa, zisiyeni, chifukwa zimadzutsa mkangano womwe unatha kale. Nkhani imene sinathe muilembe poyera kuti "Pa nkhani ya galimoto sitinamange mfundo, tidzaionanso pa msonkhano ukubwerawu", kuopa kuti wina angayambe kuchita zomwe gulu silinavomereze.

Lamulo limodzi lokha ndimalilola mu imelo yotere, ndipo likhale kumapeto: "Ngati pali pomwe ndaphonya, chonde ndiuzeni pofika Lachitatu kuti ndikonze." Tsikulo likadutsa popanda wodandaula, mzere uliwonse wakhala lonjezo la mwiniwake, ndipo mukamadzafunsa za lipoti lija mudzangoloza pomwe anavomera.