Ejenti anati ndi kusunga ndalama, lero akuti ndi inshuwalansi: kodi angandibwezere?

"Ndimakhala ku Mchengautuwa. Chaka chatha ejenti anandilembetsa inshuwalansi ya moyo, akuti ili ngati buku la ku banki, ndikhoza kutapa ndalama zanga zonse tsiku lililonse ndikafuna. Ndalipira miyezi 14. Nditapita kukatapa andiuza kuti ndingolandirako pang'ono chabe. Anandinamiza. Ndilembe bwanji kuti andibwezere zanga zonse?"

Mayi, kalata yanuyi yandiwiritsa magazi, chifukwa mawu akuti "buku la ku banki" ndinawamvapo kale m'nyumba mwathu momwe.

Mlongo wanga ndi mphunzitsi wa ku pulayimale cha ku Luwinga. Ejenti anawapeza iye ndi anzake nthawi yopuma, atavala tayi, m'manja muli mafomu. Anatenga pepala, nalemba kumbuyo kwake ndi bolopeni: K20,000 pamwezi, zaka 10, K6 miliyoni. Pansi pa 6 miliyoniyo anajambula mizere iwiri. Anawonjezera kuti pakatha zaka ziwiri munthu akhoza kutenga zake zonse popanda chilango. Mlongo wanga anasaina pomwepo, ndalama zinayamba kudulidwa kumalipiro asanazione n'komwe. Chikalata cha pangano chenichenicho chinabwera patapita miyezi, cha Chingerezi cha timalemba ting'onoting'ono, ndipo chinakalowa m'sutikesi pansi pa zitenje.

Zaka ziwiri zitatha, mwana wake anasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko. Anawerengera: K20,000 kuchulukitsa ndi miyezi 24, K480,000. Fizi, matiresi, yunifomu, zonse zikwana. Ku ofesi ya kampani ya inshuwalansiyo anamusindikizira pepala lolembedwa K130,000. Anandiimbira foni ali pakhonde la ofesiyo, mawu akunjenjemera, akuti mwina kompyuta yalakwitsa.

Kompyuta sinalakwitse. Usiku umenewo tinatulutsa chikalata chija m'sutikesi n'kuchiwerenga mzere ndi mzere. Ndalama yotsimikizika yolandira pakatha zaka 10 inali K2,200,000. Mukachulukitsa K20,000 ndi miyezi 120 mupeza K2,400,000, kutanthauza kuti chotsimikizikacho chinali chochepera ngakhale zomwe iye akanaponya. Zotsalazo zimadalira bonasi, ndipo bonasi imadalira mmene kampani yapindulira ndi ndalama zomwe yaika m'malonda. K6 miliyoni ija sinalembedwe pena paliponse.

Mmene zinthuzi zimayendera ndi motere. Ndalama yomwe mumalipira pamwezi simalowa yonse m'thumba losunga. Gawo lina limalipira chitetezo cha moyo wanu, kuti mukamwalira mawa banja lilandire ndalama yolonjezedwa ngakhale mwangolipira miyezi itatu. Gawo lina limapita ku ntchito za mu ofesi. Gawo linanso ndi komishoni ya ejenti, ndipo yambiri ya komishoniyo imatengedwa m'zaka zoyambirira. N'chifukwa chake wotuluka msanga amapeza thumba lili pafupifupi lopanda kanthu, pamene wopirira mpaka kumapeto amapezamo kenakake. Zimenezi pazokha si kuba. Kuba kuli pa kusamuuza munthu, kapena kumuuza zosiyana nazo.

Ndinayamba ndi kuwamvera chisoni maejentiwa. Ambiri amadya komishoni yokha, amayenda wapansi kuchoka ku Katoto kukafika ku Chibavi mvula ya kuno ikuwathira, ndipo munthu wanjala amakometsa pakamwa. Koma ayi, chisonicho chinandithera. Kampani ndi yomwe inamuphunzitsa, inamupatsa mafomu okhala ndi chizindikiro chake, ndipo ndi yomwe imalandira ndalama mwezi ndi mwezi. Singadye nyama n'kukana msuzi wake. Ikakuuzani kuti "ameneyo anasiya ntchito kuno," yankho lanu ndi lakuti tsiku lomwe ankakulembetsani ankagwirira iwowo.

Ndipatuke pang'ono. Ngakhale ejenti atanena zoona zokhazokha, ine pangano la zaka 10 lolembedwa mu kwacha ndimaliyang'ana ndi diso lofiira. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Pitani mumsika mufunse mtengo wa thumba la simenti kapena botolo la mafuta ophikira, muyerekeze ndi mtengo wa chaka chomwe munasaina. K2 miliyoni ya zaka 10 zikubwerazi idzagula chiyani? Ejenti amene sakutchula zimenezi wakubisirani theka la nkhani. Amene akufuna chitetezo cha banja agule chitetezo chokhachokha, chimatchipa, ndalama zosunga akasunge kwina. Ena anditsutsa, akuti popanda kudulidwa kumalipiro sakanasunga ngakhale tambala. Chabwino, koma munthu alowe akudziwa.

Chomwe chinapulumutsa mlongo wanga n'chakuti tsiku lija sanasaine fomu yomwe anamupatsa pakauntala. Inali fomu yosiya pangano pakati, ya sarenda. Akanasaina n'kulandira K130,000 ija, kampani ikanati nkhani yatha mwa kufuna kwake. Kusiya pangano ndi kudandaula kuti munanamizidwa ndi makomo awiri osiyana, ndipo a pakauntala amakulozerani loyambalo chifukwa ndi lomwe lili ndi fomu yokonzeratu. Kapepala ka bolopeni kaja kanapezeka m'kati mwa rejisitala yakale, aphunzitsi awiri omwe analipo tsiku lija analemba umboni wawo n'kusaina. Nkhani inatenga miyezi, koma pomaliza anamubwezera zomwe analipira atachotsapo mtengo wa chitetezo cha miyezi yomwe anali wotetezedwa. Sizinali zonse, ndipo inunso musayembekezere kuti zonse n'zotsimikizika.

Kalata yanu

Musanalembe, onani m'chikalata chanu ngati muli nthawi yololedwa kubweza pangano mutangolilandira. Pa miyezi 14 nthawiyo inadutsa, pokhapokha ngati chikalatacho sanakupatseni n'komwe, ndipo ngati ndi choncho chinenedwe m'ndime yoyamba.

Lemberani kampani, osati ejenti. Ikani nambala ya pangano, dzina la ejenti, tsiku ndi malo omwe munakumana. Lembani mawu ake enieni monga anawanenera, kenako ndime ya m'pangano yomwe ikutsutsana nawo. Nenani poyera kuti mukanadziwa zoona simukanasaina, ndipo mukupempha kuti pangano lithetsedwe chifukwa cha kunamizidwa, akubwezereni ndalama zonse za miyezi 14, mutchule chiwerengero chake. Pemphaninso kope la fomu yomwe munasaina, muone ngati muli mayankho omwe ejenti anadzaza yekha. Phatikizani mauthenga a pa WhatsApp, malisiti kapena mapepala a malipiro, ndi umboni wa aliyense amene anamva. Perekani makope okha, enieniwo musunge. Apatseni masiku oti ayankhe molemba, ndipo kope lanu alidinde sitampu ya tsiku lomwe alandira.

Osangosiya kulipira mwakachetechete, chifukwa pangano likafa lokha mukhoza kutaya ndi zochepa zomwe zilimozo. Funsani m'kalata momwemo chomwe chichitike ndi malipiro pamene dandaulo likuunikidwa.

Akakana kapena akangoti zii, tengani mafayilo omwewo mupite nawo ku banki yaikulu ya Reserve, yomwe imayang'anira makampani a inshuwalansi ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Ili ndi nthambi mu Mzuzu momwe muno, simukufunika basi ya ku Lilongwe. Adzakufunsani ngati munayamba mwadandaula ku kampani, ndiye kope lodindidwa lija likhale pamwamba.