Fomula yobweza manambala a lipoti la soya la kopaletivi ya ku Mchinji

"Zikomo achimwene. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi kuno ku Mchinji. Amene ndinawalowa m'malo anasiya mu Excel lipoti la PivotTable la mbewu zimene tagula m'misika. Ndikufuna fomula yoti izitulutsa manambala omwewo yokha. Ndayesa SUMIF, koma pa soya wa ku Kamwendo ikundipatsa 2,350 pamene lipoti likuti 1,270. Ndatumiza zithunzi za shiti ya Zogula ndi za lipotilo. Ndalakwitsa pati?"

Zikomo a mlembi. Zithunzi zanu ndaziona, ndipo yankho lili momwemo. Musanalembe fomula ina, tiyeni tisake kumene 2,350 wachokera, chifukwa nambala yolakwika imaulula yokha chimene chasowa.

Pa shiti ya Zogula, kolamu A ndi tsiku, B ndi msika, C ndi mbewu, D ndi makilogalamu. Mizere ya Kamwendo ndawerengamo 6. Ya soya ilipo 4: 500, 450, 320 ndi 200. Ya mtedza ilipo 2: 480 ndi 400. Phatikizani yonse, mupeza 2,350. Ndiye kuti SUMIF sinaname. Inu munaiuza kuti ione msika wokha, iyo n'kutolera zonse za ku Kamwendo, soya ndi mtedza thumba limodzi. SUMIF imafunsa funso limodzi basi, pamene selo iliyonse ya m'kati mwa lipoti lanu ikuyankha mafunso awiri nthawi imodzi: msika uti, mbewu iti. Ntchito yotere ndi ya SUMIFS, imene ili mu Excel kuyambira wa 2007.

Tsegulani shiti yatsopano. Lembani misika kutsika m'munsi kuyambira A5: Kamwendo, Kapiri, Mkanda, Waliranji. Mbewu zilembeni chopingasa kuyambira B4: soya, kenako mtedza. Kenako mu B5:

```
=SUMIFS(Zogula!$D$2:$D$500,Zogula!$B$2:$B$500,$A5,Zogula!$C$2:$C$500,B$4)
```

Onetsetsani kuti kolamu yophatikizidwa, ya D ija, yabwera koyambirira. Mu SUMIF imakhala kumapeto, ndipo anthu ozolowera SUMIF amasokonezeka pomwepa. Zigawo zonse zithere pa mzere umodzi. Chimodzi chikathera pa 500 china pa 400, mulandira #VALUE!. Kompyuta ikakana makoma a mu fomula, ikani chizindikiro cha ; m'malo mwake.

Chizindikiro cha $ ndicho chimakupulumutsani kulemba fomula m'selo iliyonse. Chili ngati chikhomo chomangirapo mbuzi: chimene mwamanga sichisuntha mukamakoka fomula. Mu $A5 mwamanga kolamu A, mzere mwausiya womasuka, choncho mukakokera kumanja fomula imayang'anabe dzina la msika, mukakokera pansi imatsikira ku Kapiri ndi ku Mkanda. Mu B$4 mwamanga mzere 4, kolamu ndi yomasuka, choncho imayenda kuchoka pa soya kupita pa mtedza koma sitsika. Lembani kamodzi, kokani mpaka tebulo lidzaze.

Mukatero, B5 ikupatsani 1,470. Sitinafike pa 1,270. Pali 200 wapamwamba, ndipo 200 tamuona kale pa mndandanda wa soya uja. Tsiku lake ndi 4 Juni, pamene enawo ndi a mu Meyi. Tsopano bwererani ku chithunzi cha lipoti, muyang'ane pamwamba penipeni, kunja kwa tebulo. Pali kaselo kolembedwa May, kokhala ndi kachizindikiro ka sefa pambali pake. Anzanu aja anasefa lipotilo kuti lizionetsa mwezi umodzi. Kaselo kameneka ndi kamene maso ambiri amakadumpha, ndipo ine ndikalandira chithunzi cha PivotTable ndimayambira pamenepo ndisanaone nambala ina iliyonse.

Lembani tsiku loyamba la mwezi wa Meyi mu B1, muwonjezere mafunso awiri:

```
=SUMIFS(Zogula!$D$2:$D$500,Zogula!$B$2:$B$500,$A5,Zogula!$C$2:$C$500,B$4,Zogula!$A$2:$A$500,">="&$B$1,Zogula!$A$2:$A$500,"<"&EDATE($B$1,1))
```

EDATE ikupereka 1 Juni, ndipo tikuti tsiku likhale losafika pamenepo. Njira iyi ndimaikonda kuposa kulemba 31 Meyi, chifukwa simuvutika kukumbukira mwezi wa masiku 30 ndi wa 31, komanso ngati tsiku linalembedwa pamodzi ndi ola, zogula za masana a pa 31 sizitayika. Tsopano 500, 450 ndi 320 akupereka 1,270. Mtedza ndi 880, ndipo mzere wonse wa Kamwendo ndi 2,150, zofanana ndi Grand Total ya pa chithunzi chanu. Mwezi wa mawa mudzangosintha B1.

Chenjezo limodzi pa miyezi. PivotTable ikasonkhanitsa masiku ndi miyezi yokha popanda zaka, Meyi wa chaka chino ndi Meyi wa chaka chatha amalowa m'selo imodzi. Fomula yathu imatenga wa chaka chimene mwalemba mu B1. Shiti ikadzakhala ndi nyengo ziwiri zokolola, PivotTable ndi fomula zidzasiyana, ndipo yoyenera kuikhulupirira idzakhala fomula.

Ndasankha SUMIFS chifukwa pakona ya lipoti palembedwa Sum of Makilogalamu. Pakanakhala Count of tikanagwiritsa COUNTIFS, pakanakhala Average of ndiye AVERAGEIFS. Ndipo mukalemba = n'kudina selo ya PivotTable, Excel ikulemberani GETPIVOTDATA. Imeneyo musaitenge ngati yankho: imangokopera zimene PivotTable ikuonetsa, siwerenga pa shiti ya Zogula.

Pali zinthu ziwiri zina pa zithunzi zanu zimene zandidetsa nkhawa kuposa funso lenilenilo.

Choyamba, Kapiri akuoneka kawiri pa lipoti. Zikatere kawirikawiri ndiye kuti wina polemba anasiya mpata kumapeto kwa dzina. Maso sangauone, chithunzi sichingauonetse, koma kwa Excel amenewo ndi misika iwiri, ndipo fomula yanu itenga umodzi wokha. Yesani =LEN(B2) m'kolamu yopanda kanthu pa shiti ya Zogula n'kukokera pansi. Kapiri ali ndi zilembo 6, ndiye pamene patuluke 7 ndi pomwe pali vuto. Konzani dzinalo pa shiti ya Zogula, kapena litsukeni ndi TRIM. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono zokha sizivuta, SUMIFS siisiyanitsa SOYA ndi soya.

Chachiwiri ndi choopsa kwambiri, chifukwa sichikuwa. Pa mzere wa mtedza wa ku Mkanda pali 600 amene wakhala kumanzere kwa selo, ndipo pakona pali kachizindikiro kobiriwira. Manambala enieni amakhala kumanja. Ameneyu Excel ikumuona ngati mawu. SUMIFS imudumpha, PivotTable nayonso inamudumpha, choncho ziwirizi zigwirizana bwinobwino koma zonse zikhala zitataya matumba 12 a makilogalamu 50. Kufanana ndi lipoti lakale si umboni woti nambala ndi yoona, ndipo kumbuyo kwa 600 ameneyu kuli mlimi woyembekezera ndalama zake. Yesani izi:

```
=COUNTA(Zogula!D2:D500)-COUNT(Zogula!D2:D500)
```

COUNTA imawerenga selo zonse zolembedwamo, COUNT imawerenga za manambala zokha. Yankho liyenera kukhala 0. Likakhala 1 kapena kuposa, sakani selozo, dinani kachizindikiro ka chenjezo, musankhe Convert to Number. Chitaninso chimodzimodzi pa kolamu A, poti tsiku lolembedwa ngati mawu nalonso fomula ya mwezi ilidumpha.

Mukakonza zonsezi, fomula isintha nthawi yomweyo koma PivotTable ikhalabe ndi manambala akale mpaka mutadina Refresh. Dinani kaye musanayerekeze. Kenako yerekezani selo ndi selo, osati Grand Total yokha, chifukwa soya akalembedwa ngati mtedza chiwerengero chonse sichisintha. Mtedza wa ku Mkanda mukaupeza wakwera ndi 600, kafanizeni ndi malisiti a pa sikelo musanapereke lipoti ku komiti.