Chingerezi cha ku Mangalande kapena cha ku Amereka: mungachizindikire bwanji pa kalata?

"Ndine mlembi pa bungwe lina ku Lilongwe, ndipo makalata athu amachokera kwa abwenzi a ku Mangalande ndi a ku Amereka. Abwana anga akuti m'malipoti ndimasakaniza Chingerezi cha uku ndi uku. Kodi mawu amene amasiyana ndi ati, nanga ndingadziwe bwanji kuti kalata yalembedwa m'Chingerezi chiti?" (Mayi wina, pa imelo)

Zikomo mayi. Musavutike ndi kuloweza mndandanda wa mawu mazanamazana. Mawu amene amasiyana alipo magulu awiri, ndipo gulu limodzi lokha ndilo lingakulakwitseni ntchito.

Gulu loyamba ndi la chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri. Galimoto yonyamula katundu ku Mangalande ndi *lorry*, ku Amereka ndi *truck*. Mafuta ake ndi *petrol* uku, *gas* kapena *gasoline* uko. Momwemonso *lift* ndi *elevator*, *flat* ndi *apartment*, *holiday* ndi *vacation*, *maize* ndi *corn*. Awa savuta kwenikweni, chifukwa mawu achilendo amakuimitsani, mumafunsa, nkhani n'kutha. Ndipo inu muli ndi pogwira pomwe ambiri alibe: Chingerezi cha m'sukulu za kuno chimatsata cha ku Mangalande, ndipo mawu omwe Chichewa chinabwereka anachokera komweko. Timati lole, petulo, parafini, thalauzi, bisiketi. Mawu a Chingerezi akamamveka ngati omwe timanena pa msika, kawirikawiri ndi a ku Mangalande.

Gulu lachiwiri ndilo loopsa. Awa ndi mawu omwe alipo mbali zonse ziwiri, olembedwa chimodzimodzi, koma matanthauzo ake ndi osiyana. Palibe chokuimitsani, mumawerenga, mumamva, koma mwamva zina.

Tengani *first floor*. Ku Mangalande, monganso kuno, gawo la pansi la nyumba yosanja ndi *ground floor*, ndipo *first floor* ndi pomwe mumafika mukakwera masitepe kamodzi. Ku Amereka *first floor* ndi pansi pomwepo polowera. *Chips* ku Mangalande ndi tchipisi chomwe tikudziwa, cha mbatatesi yokazinga chotentha. Ku Amereka tchipisi chimenecho ndi *fries*, ndipo *chips* ndi tija topyapyala touma ta m'paketi, tomwe Angerezi amati *crisps*. *Pants* ku Amereka ndi thalauzi, pomwe ku Mangalande ndi kabudula wamkati, ndiye samalani polemba za yunifolomu ya alonda. *Public school* ku Amereka ndi sukulu ya boma, koma ku Mangalande ndi sukulu zakale zolipiritsa ndalama zambiri monga Eton. Azimayi otsata malangizo ophikira a pa intaneti amagwa pa *cornflour*: ku Mangalande ndi ufa woyera wa sitalichi wokhwimitsira msuzi, womwe Aamereka amati *cornstarch*, pomwe *corn flour* ya ku Amereka ndi ufa weniweni wa chimanga wosalala.

Kwa inu olemba maminitsi a misonkhano, mawu oti muwaope kuposa onse ndi *to table*. Mngerezi akati *table the proposal* akutanthauza kuti nkhaniyo iperekedwe kuti ikambidwe, monga timamvera pa nkhani za Nyumba ya Malamulo. Mmereka akatero akutanthauza kuti nkhaniyo iyambe yaima kaye. Mawu amodzi, ziganizo ziwiri zotsutsana. Mukawapeza, musalembe m'maminitsi musanadziwe kuti wolankhula ndi wa kuti.

N'chifukwa chake muyenera kuzindikira mtundu wa Chingerezi musanayambe kumasulira mawu ngati amenewa. Ndipo mboni yabwino si mawu okha ayi, ndi masipelo. Munthu akhoza kutola mawu a dziko lina m'mafilimu, monga momwe achinyamata a ku London amanenera *movie* masiku ano, koma masipelo omwe anaphunzira ku sukulu sasintha msanga, ndipo kompyuta yake imamubwezera komweko.

Kusiyana kwa masipelo kunakhazikika ndi madikishonale awiri. Ku Mangalande anthu anatsata ya Samuel Johnson ya mu 1755. Ku Amereka Noah Webster anatulutsa yake yaikulu mu 1828, ndipo anasankha masipelo omwe ankawaona kuti ndi osavuta. Zotsatira zake ndi zomwe muzifufuza. Tsegulani chikalatacho, dinani Ctrl+F, ndipo yambani ndi mawu omwe sasowa m'makalata a mabungwe: *centre* kapena *center*, *labour* kapena *labor*, *programme* kapena *program*, *travelled* kapena *traveled*, *defence* kapena *defense*. Oyamba pa awiri alionse ndi a ku Mangalande. Lembani mawu athunthu, osati *our* yokha, chifukwa idzakutolerani *hour*, *four* ndi *your*, omwe sanena kanthu.

Apa pali msampha womwe umakola ngakhale aphunzitsi. Ambiri amati ukaona *organize* ndi z ndiye kuti ndi Chimereka. Sizoona nthawi zonse. Aamereka amalembadi z, koma kampani yosindikiza mabuku ya Oxford University Press nayo imalemba z, ndipo zikalata za United Nations zimatsata kalembedwe komweko. Choncho lipoti lokhala ndi *organize* pamodzi ndi *labour* ndi *centre* silinasakanize kanthu. Ndi Chingerezi cha ku Mangalande cha kalembedwe ka Oxford. Lamulo lake ndi ili: *organise* ndi s imatsimikiza kuti si Chimereka, koma *organize* ndi z payokha siitsimikiza chilichonse. Chomwe chimadula mlandu ndi *analyse*. Oxford imasunga s pamenepa, Amereka imalemba *analyze*. Ndipo musawerengere mawu ngati *advertise*, *exercise* ndi *surprise*, omwe ali ndi s kulikonse, kapena *size* ndi *prize*, omwe ali ndi z kulikonse. Nayo *program* sinena kanthu ngati nkhani ndi ya kompyuta, pakuti pamenepo Angerezi nawo amalemba choncho.

Tiyeni tiyese pa kalata yongopeka, ya mtundu womwe mumalandira:

*The workshop will be held on Friday, 06/05/2026, on the first floor of the training center. We will organize lunch. Please budget 20 gallons of gas for the truck and mail us the receipts.*

Yambani ndi masipelo. *Center* ndi mboni yolimba ya Amereka. *Organize* tiisiye pambali pa chifukwa tanena chija. Kenaka mawu: *gas* pa galimoto, *truck*, ndi *mail us* pomwe Mngerezi akanati *post us*. Iliyonse payokha ndi yofooka, makamaka *truck* yomwe yafala paliponse, koma zonse zikuloza mbali imodzi ndipo palibe yotsutsa. Ine ndimalangiza kuti mupeze zizindikiro zitatu zogwirizana, chimodzi mwa izo chikhale cha sipelo, musanagamule. Pano zakwana, kalatayi ndi ya Chimereka.

Tsopano bwererani kukawerenganso ndi maso amenewo, ndipo muona kuti zinthu zinayi zasintha. Aamereka amayamba ndi mwezi, ndiye 06/05/2026 ndi 5 Juni, osati 6 Meyi monga tikanawerengera kuno. Kalendala ikutsimikiza: 5 Juni 2026 ndi Lachisanu, pomwe 6 Meyi ndi Lachitatu. Dzina la tsiku likalembedwa, nthawi zonse liyerekezeni ndi kalendala chonchi. Likasowa, fufuzani deti lina m'chikalata chomwecho lokhala ndi nambala yoposa 12, chifukwa kulibe mwezi wa 13; mukaona 06/25/2026 ndiye mwadziwa dongosolo lake. Chachiwiri, msonkhano uli pansi, musatumize anthu kukwera masitepe. Chachitatu, *gas* si gasi wophikira. Ndi petulo, ngakhale kuti ngati lole yanu imayendera dizilo ndi bwino kulemba dizilo mu bajeti ndi kuwadziwitsa.

Chachinayi chimakhudza ndalama. Galoni ya ku Amereka ndi malita 3.785, ya ku Mangalande ndi malita 4.546. Magaloni 20 a Chimereka ndi malita pafupifupi 76. Mukawerengera a Chingerezi mupeza pafupifupi 91. Kusiyana kwa malita 15 pa ulendo umodzi n'kokwanira kuti owerengera ndalama akubwezereni lipoti. Painti nayo ndi choncho: mamililita 473 ku Amereka, 568 ku Mangalande.

Kalata ikakhala yaifupi, yopanda sipelo yoti muigwire, yang'anani tinthu ting'onoting'ono. *Mr.* ndi *Dr.* okhala ndi kadontho ndi chizolowezi cha ku Amereka. Angerezi ambiri amalemba *Mr* ndi *Dr* basi. *Gotten* ndi ya Chimereka, *whilst* ndi *fortnight* ndi za ku Mangalande. Kutentha kukalembedwa mu °F, kapena pepala likakhala la Letter, lalifupi ndi lotambalala pang'ono kuposa A4 yathu, ndiye chikalatacho chachokera kutsidya la Atlantic. Ichi ndicho chifukwa chake makalata ena amatuluka m'makina osindikizira atasokonekera m'mphepete.

Nanga zizindikiro zikamatsutsana? Mukaona *colour* ndi *centre* pamodzi ndi *tire* ya galimoto m'malo mwa *tyre*, mwina wolemba ndi wa ku Canada, komwe amatenga uku ndi uku mwadongosolo lawolawo. Koma mukaona *labour* pa tsamba 2 ndi *labor* pa tsamba 5, ndiye kuti chikalatacho chinalembedwa ndi anthu angapo kapena ndime zina zinakopedwa kwina. Pamenepo musakhulupirire deti lililonse lolembedwa m'manambala okhaokha. Funsani mwini wake.

Kusakaniza komwe abwana anu akuona mwina sikuchokera kwa inu nokha. Microsoft Word pa makompyuta ambiri imabwera itatcheredwa pa English (United States), ndiye imadula mzere wofiira pansi pa *centre* yomwe munalemba bwinobwino, inu n'kuikonza, pomwe mawu anu ena akadali a ku Mangalande. Dinani Ctrl+A kuti musankhe chikalata chonse, pitani pa Review, kenaka Language, kenaka Set Proofing Language. Sankhani English (United Kingdom), chotsani chizindikiro pa Detect language automatically, dinani Set As Default, vomerezani pa Yes, kenaka dinani OK. Ndime zokopedwa kuchokera m'makalata ena zimabwera ndi chilankhulo chakechake, choncho bwerezani izi mukamaliza kulemba.

Dziwani malire ake. Kompyuta imagwira sipelo yomwe kulibe m'Chingerezi chomwe mwasankha, koma mawu omwe alipo ndi tanthauzo lina imawalola kudutsa. *Tire*, *check*, *meter* ndi *license* onse ndi mawu ovomerezeka ku Mangalande pa ntchito zina, ndiye sadzafiira ngakhale pomwe pamafunika *tyre*, *cheque*, *metre* ndi *licence*. Awa afufuzeni nokha ndi Ctrl+F. Pa *licence* ndi *practice*, ku Mangalande dzina la chinthu limatenga c ndipo mneni amatenga s: *a driving licence* koma *to license*, *good practice* koma *to practise*.

Pa malipoti a bungwe la kuno, sankhani cha ku Mangalande pokhapokha wopereka thandizo atanena yekha kuti akufuna china. Ndipo mtundu uliwonse womwe mwasankha, lembani mwezi m'mawu, monga *5 June 2026*, ndi mafuta m'malita.