Tchati cha mzere kapena chozungulira: yankho kwa mlembi wa kopaletivu

"Ndine mlembi wa kopaletivu ya alimi kuno ku Chipata, ndipo ndikukonza lipoti la msonkhano wa pachaka. Matumba a chimanga amene tinagulitsa ndi awa: 800 mu 2021, 900 mu 2022, 1,000 mu 2023, 400 mu 2024 ndi 1,100 mu 2025. Ndawaika pa tchati chozungulira mu Excel, koma apampando akuti sichikuonetsa kanthu. Ndaikanso chithunzi cha mbewu zonse za 2023 ndi 2024. Ndithandizeni, tchati choyenera ndi chiti?"

Amayi mlembi, apampando anu aona bwino, ndipo vuto silili pa manambala anu koma pa mtundu wa tchati. Tchati chozungulira, chimene Excel imachitcha Pie, chimayankha funso limodzi lokha, lakuti pa chinthu chimodzi chathunthu, gawo lililonse latenga malo aakulu motani. Chili ngati dzungu limodzi limene mwalidula kuti mugawire ana: zidutswa zonse mukaziphatikiza ziyenera kubwezera dzungu lomwelo. Inu mutaika zaka zisanu m'menemo, kompyuta inaphatikiza matumba onse n'kupeza 4,200, kenako inapatsa chaka chilichonse gawo lake, ndiye kuti 19, 21, 24, 10 ndi 26 peresenti. Masamuwo ndi olondola, koma palibe membala amene adzabwere kumsonkhano kudzafunsa kuti chaka cha 2022 chinali gawo lanji la zaka zisanu. Chimene alimi akufuna kuona ndi chakuti malonda anakwera pang'onopang'ono kwa zaka zitatu, anagwa kwambiri ndi chilala cha 2024, kenako anadzukanso kuposa kale. Tchati chozungulira sichionetsa poyambira ndi pothera, ndipo diso la munthu limavutika kusiyanitsa chidutswa cha 21 peresenti ndi cha 24 peresenti, choncho nkhani yonseyo imasowa.

Pa chimanga cha zaka zisanucho gwiritsani ntchito tchati cha mzere. Zaka zikhale pansi, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo chiwerengero cha matumba chikhale m'mbali, kuchokera pansi kupita pamwamba. Mu Excel lembani zaka mumndandanda woyamba ndi matumba mu wachiwiri, sankhani zonse, dinani Insert, kenako Line with Markers, kuti chaka chilichonse chikhale ndi kadontho kake. Pali msampha umodzi umene umagwira anthu ambiri pamenepa: popeza zaka ndi manambala, nthawi zina Excel imaziona ngati matumba, ndipo imajambula mizere iwiri, wina wogona pamwamba pafupi ndi 2,000, pamene pansi yalemba 1, 2, 3, 4, 5. Mukaona zimenezo, fufutani mawu akuti "Chaka" m'kabokosi koyamba kuti kakhale kopanda kanthu, n'kujambulanso, kapena lembani zakazo monga nyengo za ulimi, 2023/24, chifukwa zikatero Excel imaziwerenga ngati mawu.

Popeza zaka zanu ndi zisanu zokha, tchati cha mizati, Clustered Column, nachonso chikhoza kugwira ntchito, ndipo kwa anthu amene sanazolowere matchati nthawi zambiri chimamveka msanga. Koma mizati iyenera kuyambira pa 0 nthawi zonse. Mukaiyambitsa pa 300, mzati wa matumba 400 udzaoneka wofupika kasanu ndi kawiri poyerekeza ndi wa 1,000, pamene kwenikweni uyenera kukhala wochepera pang'ono theka lake.

Tchati chozungulira chili ndi malo ake m'lipoti lanu, ndipo malowo ali pa chithunzi mwatumizacho. Mu 2023 munagulitsa matumba 1,000 a chimanga, 500 a soya, 400 a nsawa ndi 100 a mpendadzuwa, onse pamodzi 2,000. Apa pali chinthu chathunthu chenicheni, chimene ndi malonda a chaka chimodzi, ndipo magawo ake ndi anayi okha: chimanga 50 peresenti, soya 25, nsawa 20 ndi mpendadzuwa 5. Munthu wokhala kumbuyo kwa holo adzaona yekha kuti chimanga chatenga theka. Ngati mudzajambula ndi dzanja pa pepala lalikulu chifukwa kumalo a msonkhano kulibe magetsi, kumbukirani kuti chozungulira chili ndi madigiri 360, choncho peresenti imodzi ndi madigiri 3.6. Chimanga chitenga madigiri 180, soya 90, nsawa 72 ndi mpendadzuwa 18. Yambirani pamwamba ndi gawo lalikulu, ena atsatire mwa kukula kwake, ndipo dzina la mbewu mulilembe pa chidutswa chenichenicho, chifukwa lipoti likasindikizidwa ndi inki yakuda yokha, mitundu yonse imafanana. Mtundu wopendekera wa 3-D Pie muusiye ndithu, popeza umakulitsa chidutswa chimene chili kutsogolo.

Musanajambule, tsimikizani kuti matumbawo ndi a muyezo umodzi. Thumba la mpendadzuwa kapena la nsawa zosasenda limapepuka kusiyana ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndiye ngati munangowerenga matumba osayeza pa sikelo, magawowo adzanama. Ndi bwino kusintha zonse kuti zikhale makilogalamu, kapena makwacha ngati funso ndi la ndalama.

Pamene ndikufuna kuti musamale kwambiri ndi pa kuika matchati awiri ozungulira moyandikana, cha 2023 ndi cha 2024, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti akatero aonetsa kusintha. Mu 2024 munali ndi matumba 400 a chimanga, 300 a nsawa, 250 a soya ndi 50 a mpendadzuwa, onse pamodzi 1,000. Gawo la nsawa lakwera kuchoka pa 20 kufika pa 30 peresenti, ndipo membala woona matchati awiriwo adzanena kuti nsawa zinachuluka m'chaka cha chilala. Zoona zake n'zakuti nsawa zinatsika kuchoka pa matumba 400 kufika pa 300, kungoti chimanga chinagwa kwambiri kuposa pamenepo, n'chifukwa chake nsawa zatenga malo aakulu. Soya akuoneka kuti sanasunthe, pa 25 peresenti zaka zonse ziwiri, chonsecho anatsika ndi theka. Zozungulira ziwirizo n'zofanana kukula pa pepala, choncho zimabisa mfundo yaikulu koposa, yakuti malonda onse anagwa kuchoka pa 2,000 kufika pa 1,000. Zimenezi zimandidetsa nkhawa chifukwa pamsonkhano wotere m'pamene anthu amagwirizana za mbewu yoti agule, ndipo akhoza kupanga chisankho potengera kukwera kumene sikunachitike.

Kuti muonetse mmene mbewu iliyonse yayendera, sonkhanitsani manambala a mbewu zonse a zaka zisanu, mujambule tchati chimodzi cha mizere inayi, ndipo dzina la mbewu likhale kumapeto kwa mzere wake. Ngati apampando akufuna kuona kuchuluka kwa zonse pamodzi ndi magawo ake nthawi imodzi, sankhani Stacked Column, chimene chimasanjikiza mbewu zinayi pa mzati umodzi wa chaka chilichonse, moti mzati wa 2024 udzakhala theka la wa 2023. Chimanga muchiike pansi, chifukwa gawo lapansi lokha ndi limene limayambira pa 0 ndipo limayerekezeka mosavuta chaka ndi chaka. Musachisokoneze ndi 100% Stacked Column, chimene chimatalikitsa mizati yonse mofanana ndipo chimabisa kugwa kwa malonda. Mukasankha chimenecho, lembani chiwerengero cha matumba onse pamwamba pa mzati uliwonse.