Mtengo wosinthira ndalama ubwere wokha mu sipuredishiti, koma osati pa mizere yakale

"Ndimalandira malipiro m'madola ndi m'mapaundi, koma mabuku anga ndimalemba m'mayuro. Ndatopa ndi kukopera mtengo wosinthira pa intaneti m'mawa uliwonse. Kodi pali njira yoti uzilowa wokha mu Google Sheets? Za mapulogalamu sindidziwako chilichonse."

Ilipo, achemwali, ndipo ndi kamzere kamodzi kokha. Lembani izi mu kabokosi kalikonse kopanda kanthu:

```
=GOOGLEFINANCE("CURRENCY:USDEUR")
```

Nambala imene ituluke ndi mayuro amene dola imodzi ikugula. Zilembo zitatu zoyamba ndi ndalama imene muli nayo, zitatu zomaliza ndi imene mukufuna, choncho pa mapaundi mulemba GBPEUR. Mukatembenuza n'kulemba EURUSD, fomula sidandaula ayi, imangokupatsani yankho la funso lina, ndiye muziyang'ana ngati nambalayo ikumveka.

Ndikanatha kulekera pomwepa. Koma imelo yanu yandikhudza penapake, chifukwa ya liwu limodzi lija, mabuku.

Kale ndinagwirapo ntchito m'kabungwe kena kakang'ono komwe kankalandira thandizo m'ndalama zamitundu ingapo. Munthu amene ankasunga mabuku ine ndisanabwere anali wochenjera ndithu, ndipo ananditambasulira fayilo yake monyadira. Mzere uliwonse unali ndi tsiku, ndalama imene inabwera, mtundu wake, kenako fomula ngati ili pamwambayi yochulukitsa. Panalibe chokopera pamanja. Aliyense mu ofesi ankaitama fayiloyo. Vuto linaonekera pa nthawi yolemba lipoti la miyezi itatu. Ndinasindikiza pepala Lolemba, abwana analisainira, ndipo Lachinayi munthu wina atatsegula fayilo kuti atsimikize, chiwonkhetso chinali china. Palibe amene anakhudza kalikonse. Kunayamba kuyang'anizana m'maso, mbiri ya zosintha mufayilo inafufuzidwa, mnzathu wina mpaka anakhumudwa poganiza kuti tikumukayikira. Msonkhano wathunthu unathera pa nkhani imeneyi. Chonsecho wolakwa anali fomula imene inkachita ntchito yake mokhulupirika: tsiku lililonse inkatenga ndalama zimene zinabwera miyezi yapitayo n'kuziwerengera pa mtengo wa lero.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekezera kuti muone. Mwalandira madola 1,200 tsiku limene dola ili pa mayuro 0.92, ndiye mzerewo ukuonetsa mayuro 1,104. Patapita miyezi iwiri dola yakwera kufika pa 0.95, ndipo mzere womwe uja tsopano ukuti 1,140. Mayuro 36 owonjezerawo simunawalandire, sali kubanki, sali paliponse. Pa mzere umodzi mungaseke. Pa mizere mazana awiri, mabuku anu ndi sitetimenti ya kubanki sizidzagwirizana, ndipo kusiyanako kudzasintha nthawi iliyonse mukatsegula fayilo, moti simudzadziwa n'komwe kuti mukufunafuna nambala yanji.

Apa ndiye ndilankhula mosapsatira. Mtengo wosintha wokha ulibe malo pa mzere wa chinthu chimene chinachitika kale. Ayi ndithu. Ndi wabwino pamene mukufuna kudziwa kuti zimene muli nazo lero n'zokwana bwanji, kapena mukuganiza zoti mutchaje zingati pa ntchito imene simunaiyambe. Koma malipiro akangolowa, mtengo wake wafa, uyenera kuuma pomwepo. Anthu amene amaphunzitsa fomulayi m'timavidiyo ta mphindi imodzi, n'kumamwetulira nambala ikatuluka, osatchulako zimenezi, ndimawaona ngati akupatsa mwana mpeni wakuthwa osamuuza kogwirira.

Ndipo pali chinthu china chimene chimandinyansa kuposa pamenepa. Nthawi zina fomulayi imalephera kupeza mtengo n'kuonetsa #N/A. Anthu ambiri sakonda kuona zilembo zimenezi, ndiye amaikuta fomula yonse mu IFERROR, imene imaonetsa chimene mwaiuza m'malo mwa cholakwikacho, n'kuika 0 pamapeto. Tsamba limaoneka laukhondo, inde. Koma tsopano mtengo ukasowa, madola anu 1,200 amachulukitsidwa ndi ziro, mzerewo umasanduka ziro, ndipo chiwonkhetso chimatsika mwakachetechete popanda chenjezo lililonse. #N/A ija inali kukuuzani zoona. Ikafalikira mpaka pa chiwonkhetso, ndiye kuti simungatumize lipoti lolakwika osadziwa. Isiyeni ioneke, ngakhale ikunyansa.

Pamene ndili pomwepa, ndinene za banki. Nambala imene GOOGLEFINANCE imapereka ndi mtengo wa pamsika, ndipo Google yomwe imanena kuti mitengoyi imatha kuchedwa mpaka mphindi 20 komanso kuti ndi yongodziwitsa, osati yochitira malonda. Banki yanu sikupatsani mtengo umenewo. Ili ndi mtengo wake wogulira ndi wina wogulitsira, ndipo phindu lake lili pakati pa mitengo iwiriyo. Pa chitsanzo chathu chija, ngati banki inakusinthirani pa 0.90, mu akaunti munalowa mayuro 1,080, osati 1,104, ndipo mwina anadulanso kena kotumizira. Ngati ndalamayo inasinthidwadi, mtengo weniweni muli nawo kale: gawani zimene zinalowa ndi zimene zinatumizidwa, 1,080 kugawa ndi 1,200, mupeza 0.90. Palibe fomula ya pa intaneti imene ingapose sitetimenti yanu pa nkhani imeneyi.

Anzanga ena amati bwanji osangokoka mitengo kuchokera pa tsamba la bankiyo. N'zotheka, ndipo apa ndi pamene IMPORTHTML imagwira ntchito. Mumaipatsa adiresi ya tsamba, mawu akuti table, ndi nambala ya tebulo, kuwerenga kuyambira pamwamba:

```
=IMPORTHTML(A1,"table",1)
```

Mu A1 muli adiresi ija. Ngati yabweretsa tebulo lina, sinthani 1 akhale 2, kenako 3, mpaka mulipeze. Koma ine ndimaidalira pang'ono chabe. Masamba ambiri masiku ano amabwera opanda manambala, ndipo manambalawo amadzazidwa pambuyo pake ndi JavaScript, timalangizo ta tsambalo timene timayenda mu bulawuza yanu. IMPORTHTML siyendetsa JavaScript, imangoona tsamba lija lopanda kanthu, ndiye imakuuzani kuti "Imported content is empty" pamene inu ndi maso anu mukuliona tebulo lodzaza. Masamba ena amakaniratu kukokedwa chonchi, mudzaona "Could not fetch URL". Choopsa kwambiri ndi tsiku limene eni tsamba awonjezera ndalama ina pamwamba pa tebulo. Ngati fomula yanu imangotenga mzere wachitatu, lero mzere wachitatuwo ndi wa ndalama ina, ndipo palibe chilichonse chofiira chimene chioneke. N'chifukwa chake mtengo muziufufuza ndi dzina lake kudzera mu VLOOKUP, osati ndi malo ake. Yang'ananinso ngati manambala abwera atatsamira kumanzere kwa kabokosi. Kawirikawiri zimenezo zimatanthauza kuti sipuredishiti ikuwaona ngati mawu, mwina chifukwa tsambalo limalemba 0,92 pamene fayilo yanu imayembekezera 0.92. ISNUMBER, fomula yoyesa ngati m'kabokosi muli nambala, ikayankha FALSE, mwapeza vuto. Ndipo musayembekezere liwiro: mafomula a mtundu uwu amakatenganso zatsopano pafupifupi kamodzi pa ola. Ngati komwe mukutengako kumapereka fayilo ya CSV, imene ndi tebulo la mawu ndi manambala okhaokha, gwiritsani ntchito IMPORTDATA, chifukwa fayilo yotere sisintha maonekedwe ngati mmene masamba amachitira.

Nanga inuyo mutani?

Ikani tsiku mu kolamu A, ndalama mu B, mtundu wake mu C, monga USD kapena GBP. Mu D pemphani mtengo wa tsiku lenilenilo, osati wa lero:

```
=INDEX(GOOGLEFINANCE("CURRENCY:"&C2&"EUR","price",A2),2,2)
```

INDEX ilipo pa chifukwa. Mukapatsa GOOGLEFINANCE tsiku, sibweza nambala imodzi, imabweza katebulo ka mizere iwiri ndi makolamu awiri, mitu Date ndi Close pamwamba, tsiku ndi mtengo pansi. Popanda INDEX katebuloko kamafuna kutayikira m'timabokosi toyandikana, ndipo ngati muli zinthu kale mumapeza #REF!. Manambala awiri aja, 2 ndi 2, akuti tengani chimene chili mu mzere wachiwiri, kolamu yachiwiri. Mu E chulukitsani B2 ndi D2. Tsiku mu A likhale tsiku lenileni, osati mawu ongooneka ngati tsiku, ndipo ngati fayilo yanu inakonzedwa m'chiyankhulo chimene chimagwiritsa ntchito chizindikiro cha koma pa madesimali, mu fomula mulemba chizindikiro cha ; m'malo mwa makoma. Mtengo wotsekera wa tsiku limene lisanathe nthawi zambiri umakhala usanapezeke, choncho mzere wa lero mungaudzaze mawa. Malipiro amene abwera kale m'mayuro ingolembani 1 mu D.

Nambala ikangotuluka, kopani kabokosiko n'kumata pomwepo ndi Ctrl+Shift+V, kuti patsale nambala yokha, fomula ichoke. Ena amati palibe chifukwa, poti mtengo wa tsiku lakale susintha. Koma fomula mazana angapo zopempha mitengo nthawi imodzi zimachedwetsa fayilo, zina zimangokhala pa "Loading..." kapena kugwa mu #N/A tsiku limene mukufulumira, ndipo GOOGLEFINANCE ndi ya Google Sheets yokha, Excel siidziwa. Mukatumiza fayilo kwa wowerengera ndalama amene amagwiritsa ntchito Excel, bola apeze manambala ouma. Banki ikasintha ndalamayo, lembani mtengo wake weniweni mu kolamu ina pambali, muone kusiyana.

Kamzere koyamba kaja, kamoyo, kapatseni tsamba lakelake: ndalama iliyonse mzere umodzi, fomula imodzi, ndipo chilichonse chofuna mtengo wa lero chizikatenga kumeneko.

Ngati tsiku lina mudzasamukira ku Excel ya Microsoft 365, kumeneko mumalemba USD/EUR mu kabokosi, n'kusankha Currencies pansi pa Data, kenako =A1.Price imakupatsani mtengo. Ya masiku akale ndi STOCKHISTORY. Makope akale a Excel, ogula kamodzi kokha aja, ambiri alibe zimenezi, ndiye muyang'ane kaye mtundu umene muli nawo musanayambe kusamutsa mizere yanu.