Katundu akawoloka pa Mwami sabwerera

"Amayi, ndifuna kuyamba kumakaoda katundu ku Malawi ngati inu. Anthu ayamba kale kunditumizira mameseji pa foni. Kodi malondawa amayenda bwanji?"

Mwana wanga, njira njosavuta. Uchoka muno mu Chipata, udinditsa pa boda ya Mwami, ndipo kuyambira mu 2022 maofesi a Zambia ndi a Malawi amagwira ntchito pamalo amodzi, ndiye suima kawiri. Ngati katundu wako sapitirira madola 2,000 a ku America ndipo ali pa mndandanda umene maiko awiriwa anagwirizana, pali njira ya amalonda ang'onoang'ono yochepetsa mapepala, imene inakhazikitsidwa ndi COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa. Zimenezo udzazolowera msanga. Pamene ndifuna utchere khutu ndi pa mameseji watchulawo, chifukwa mpamba wa anthu ambiri umathera pamenepo asanakwere n'komwe galimoto.

Tiyerekeze munthu wakulembera kuti, "Mundibweretseko mpunga wabwino matumba awiri, ndituma 50." Ukangowerenga mothamanga, uganiza kuti wamva. Koma werenganso. Mpunga wabwino ndi uti? Iwe uganiza Kilombero wa ku Karonga, wonunkhira uja, pomwe iye ali ndi kantini ndipo kwa iye wabwino ndi wotchipa, wofufuma mumphika, woti mbale zichuluke. Thumba nalo lilipo la makilo 50, la 25, ngakhale la 10. Ukamubweretsera awiri a 50 iye akuyembekezera a 10, makilo 80 otsalawo ndi ako, ndalama zako zagona.

Nanga 50 ija? Ikhoza kukhala kulemera kwa thumba, ikhoza kukhala ndalama. Ikakhala ndalama, kumbukira kuti tsidya lino n'kwacha, tsidya linalo n'kwachanso, koma mphamvu zake n'zosiyana kutalitali. Munthu wa ku Mchinji akati 50, kawirikawiri akunena 50,000 ya kwawo. Kuno, chichotsereni maziro atatu pa kwacha yathu mu 2013, alipobe akuluakulu amene amawerenga mwakale. Ine nambala yopanda dzina sindiilandira, ngakhale itachokera kwa m'bale wanga.

Tsono usamuponyere mafunso limodzilimodzi tsiku lonse, atopa nawe n'kupita kwa wina. Usamufunsenso kuti "mukutanthauza chiyani?" chifukwa adzangobwereza zomwezo. Muikire zosankha mu meseji imodzi: "Zikomo amayi, ndamva. Mufuna Kilombero kapena wotchipa wa kantini? Matumba a makilo 25 kapena 50? 50 mwanenayo ndi makilo kapena ndalama, ndipo ngati ndi ndalama, ya Zambia kapena ya Malawi? Mudzatengera ku msika wa Kapata kapena ndikubweretsereni?" Munthu amayankha msanga ukamupatsa ziwiri zoti aloze chimodzi. Akayankha, iwe lemba oda yonse m'mawu ako, mtengo ndi transipoti zili momwemo, iye avomere kuti "inde, ndi zomwezo." Usagule asanavomere. Akakhala wachikulire wovutika kulemba, muimbire, mukambirane, kenaka umutumizire mawu ojambula obwereza zimene mwapangana kuti pakhale pobwerera.

Mawu amene ayenera kukuimitsa ndi monga "ngati wa tsiku lija," "zokongola," "pang'ono chabe," "mudziwa kale." Pa zitenje ndiye pamavuta kwambiri. "Chofiira chija" sichikuuza ngati afuna chidutswa cha mamita awiri chomanga m'chiuno kapena mpukutu wa mayadi 6 wosokera suti yonse. Apo pempha chithunzi, ndipo ukafika m'sitolo jambula chimene wapezacho umutumizire usanalipire, pakuti mtundu pa foni umanyenga.

Ndidziwa chimene chimakugwirani achinyamata: manyazi. Mumaopa kuti mukafunsa muoneka osadziwa ntchito, makamaka wotumayo akakhala wamkulu. Koma ganiza za mtunda. Wogulitsa m'shopu muno akalakwitsa, kasitomala abwerera n'kusinthitsa. Iwe katundu wamugula ku Lilongwe, wasintha ndalama, walipira onyamula, wamulembetsa pa boda. Palibe amene adzakulandirenso thumbalo, ndipo kulibweza n'kulipiranso zonsezo kachiwiri. Ndiponso yankho la kasitomala ndilo likuuza mapepala oti ukonze, chifukwa zakumunda zambiri zimafuna chilolezo chake, ndipo matumba awiri a pakhomo sayenda mofanana ndi matumba 20 ogulitsa.

Sikuti chilichonse ufunse ayi. Kasitomala wako wa mwezi ndi mwezi akati "monga mwa nthawi zonse," ingomuuza kuti "Kilombero, awiri a 25, mtengo wakwera, wafika pakuti," iye angovomera. Za galimoto imene ukwere kapena sitolo imene ukagule ndi zako, usamuvutitse nazo. Funsa chokhacho chimene chikasintha, katundu kapena ndalama zisinthanso. Ndipo amene akana kuyankha, akungoti "ingobweretsani tidzaona," muuze mwaulemu atumize theka la ndalama kaye. Akakana nazonso, oda imeneyo isiye.