Kudzilipira malipiro a mwezi kuchokera ku ndalama za mpunga

"Ndimalima mpunga ku Likangala, ndipo nthawi zina ndimagwira ganyu yomanga ku Matawale. Mu Julayi ndagulitsa mpunga ndi kupeza K1,200,000, koma chaka chilichonse pofika Januwale ndimakhala ndilibe kanthu, mpaka kukatenga katapila. Ndingakonze bwanji bajeti ya mwezi?"

Bambo, musayambe ndi kugawa ndalamazo m'miyezi. Yambani mwachotsa zinthu zikuluzikulu zomwe nthawi yake mukuidziwa kale, chifukwa ndi zimenezi, osati sopo ndi mchere, zomwe zimakankhira mlimi kwa akatapila.

Tiyerekeze kuti feteleza, mbewu ndi aganyu owokera mpunga zidzadya K350,000, fizi ya matemu atatu K150,000, ndipo K100,000 mwaisungira matenda ndi maliro. Zotsala ndi K600,000. Popeza mudzagulitsanso mpunga Julayi wa chaka chamawa, gawani ndalamazi m'miyezi 12, ndipo mupeza K50,000 pa mwezi. Amenewo ndiwo malipiro anu, omwe muzidzipatsa pa tsiku limodzi lokhazikika monga amachitira wolembedwa ntchito. Zioneka zochepa kwa munthu amene wangogwira kumene miliyoni, koma kupepuka kwa m'thumba mu Ogasiti ndi komwe kudzakudyetseni mu Febuluwale.

Za ganyu musawerengere mwezi umene zinayenda bwino. Kumbukirani mwezi woipitsitsa wa chaka chatha, womwe kwa omanga umakhala wa dzinja pamene mvula yaimitsa ntchito, ndipo ngati munapeza K15,000, ikani K15,000 yomweyo m'bajeti. Zopitirira pamenepo zizipita ku thumba la matenda lija.

Pali vuto limodzi lomwe sindingakubisireni. Ndalama yosungidwa imatha mphamvu, ndipo amene anasunga makwacha a feteleza pamene ndalama yathu inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anazionera okha. N'chifukwa chake ndikulangizani kugula feteleza ndi chimanga chodya mukangogulitsa mpunga, mitengo ya chimanga isanayambe kukwera. Banja la anthu asanu limatha pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi, choncho werengani matumba ofika nawo Epulo, muchotse mtengo wake musanagawe malipiro aja, ndipo muwasunge m'matumba osalowa mpweya kuti anankafumbwe asakulandeni. Chaka chamawa musadzagulitse mpunga wonse nthawi imodzi, chifukwa mpunga wosapuntha umasungika bwino ndipo mtengo wake umakonda kukwera kukolola kukatha.

Ndalama za fizi musaziike pa Mpamba kapena Airtel Money ya foni yomwe mumayenda nayo kumsika wa Mpondabwino. Banki m'khonde nayo ndi yabwino pokhapokha mutafunsiratu mwezi umene gulu limagawana, kuopa kuti temu ya Seputembala ingakupezeni ndalama zili zotsekeka.

Mukaona kuti malipiro atha lisanafike tsiku la 20 miyezi iwiri yotsatizana, musatape za mwezi wamawa. Khalani pansi ndi mayi akunyumba, mulembe m'kope chilichonse chomwe mwagula kwa masabata awiri, kenako muone chomwe chikudya ndalama.